Mmene mleme umapezera kachilombo mumdima, ndi chifukwa chake mileme siiitana mofanana

Mileme si yakhungu. Yonse ili ndi maso ndipo imaona, koma kumene imachitira usodzi wake, mumlengalenga usiku, maso sangathandize kupeza kachilombo kofanana kukula ndi njere ya mpunga, komwe kakuuluka mokhotakhota. Mileme yodya tizilombo imagwiritsa ntchito kholingo ndi makutu. Imatulutsa mawu aafupi koma amphamvu, mawuwo amakagunda chimene chili kutsogolo, ndipo kagawo kochepa kamabwerera m'makutu. M'kagawo kobwererako muli zonse zimene mleme ukufuna kudziwa: chinthucho chili pati, n'chachikulu bwanji, ndipo chikuyenda kapena chaima.

Anthu anatenga nthawi kuti amvetse zimenezi. Cha m'ma 1793, Lazzaro Spallanzani wa ku Italy anapeza kuti mileme imene yachititsidwa khungu imaulukabe bwinobwino osagunda kanthu, ndipo Louis Jurine wa ku Geneva anaonetsa kuti ukaitseka makutu ndi phula imasokonezeka n'kumawomba zinthu. Koma popeza palibe amene ankamva mileme ikuitana pouluka, nkhaniyi inakhala chinsinsi mpaka 1938, pamene Donald Griffin, ali pa yunivesite ya Harvard ku America, anaika mileme patsogolo pa makina otha kumva mawu okwera kwambiri. Chipinda chimene chinkaoneka cha zii chinapezeka kuti chadzaza ndi phokoso.

Sitimva phokosoli chifukwa cha kukwera kwake. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo akamanjenjemera mofulumira m'pamenenso amamveka okwera. Kunjenjemera ka 1,000 pa sekondi kumatchedwa kilohetsi imodzi. Khutu la munthu wachinyamata limalekezera pa makilohetsi 20, pomwe mileme yambiri imaitana pakati pa makilohetsi 20 ndi 100, ina kupitirira apo. Ndipo si kunong'ona ayi: pafupi ndi kamwa la mleme wosaka poyera, mphamvu ya mawu ikhoza kufika madesibelo 130, mlingo umene ukadakhala womveka kwa ife ukadatipweteka m'makutu. Mlemewo umadziteteza ndi kamnofu ka m'khutu kamene kamakungika mawu akangotsala pang'ono kutuluka, n'kumasukanso kuti khutu lilandire mawu ofooka obwerera.

Sekondi imodzi ya usodzi

Muyeso waukulu umene mleme umadalira ndi nthawi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Chinthu chikakhala pa mita imodzi, mawu ayenera kuyenda mamita awiri, kupita ndi kubwera, ndipo ulendowo umatenga mamilisekondi pafupifupi 6. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Choncho milisekondi iliyonse imene mawu achedwa kubwerera ikutanthauza masentimita 17. M'ubongo wa mleme muli maselo amene amagwira ntchito pokhapokha mawu obwerera akachedwa ndi nthawi yakutiyakuti, ena nthawi yaifupi, ena yaitali, ndipo mwanjira imeneyi kuchedwa kumasanduka mtunda. Mbali imene chinthu chili, kumanja kapena kumanzere, mleme umaidziwa poyerekezera mmene mawu afikira m'makutu awiriwo. Kuti chili m'mwamba kapena m'munsi, zimadziwika ndi mmene mapindo a khutu lakunja asinthira mawuwo polowa.

Tiyeni titsatire mleme waung'ono umene ukusaka m'mphepete mwa mitengo, ukuuluka mamita 5 pa sekondi. Usanapeze kanthu umaitana pafupifupi ka 10 pa sekondi, kamodzi pa kukupiza kulikonse kwa mapiko. Izi sizichitika mwangozi. Minofu yokupizira mapiko imafinyanso chifuwa, ndiye mleme ukaitana pa nthawi yomweyo, mawu amphamvuwo amatuluka popanda kuwonongerapo mphamvu zambiri zapadera. Kuitana kulikonse kumatha mamilisekondi ngati 6, kenako mleme umakhala chete mamilisekondi oposa 90, kumvetsera.

Tsopano kachilombo kapezeka pa mamita 5. Mawu obwerera afika patatha mamilisekondi pafupifupi 30, ali ofooka zedi. Mleme watsala ndi sekondi imodzi yokha kuti ufike pamenepo, ndipo kachilomboko sikanaime. Kuitana ka 10 pa sekondi sikukwaniranso, chifukwa pakati pa kuitana kuwiri mleme umakhala utayenda theka la mita osadziwa chimene chasintha. Umatembenuza mutu ndi makutu kulozetsa kumene kuli kachilomboko n'kuyamba kuitana pafupipafupi, ka 20, ka 50, kumangowonjezera.

Apa pali chovuta chimene chimalamulira kapangidwe konse ka mawu a mileme yambiri: mleme wotere sungathe kumva bwino mawu obwerera pamene iwo ukuitanabe. Kuitana kwa mamilisekondi 6 kumaphimba chilichonse chimene chili mkati mwa mita imodzi, popeza mawu obwerera kuchokera pamenepo amafika mleme usanamalize kuitana. Ndiye ukamayandikira uyenera kufupikitsa mawu ake, mamilisekondi 3 pa theka la mita, kenako osakwana milisekondi imodzi pamene kachilombo kali pafupi ndi kamwa. Kumapeto kwenikweni umaitana ka 160 mpaka ka 200 pa sekondi. Pa makina omvetserera mileme, kuitana kumene kunali ti, ti, ti kumathera mu phrrr mmodzi wachidule, ndipo aliyense wofufuza mileme akamva phrrr ameneyu amadziwa kuti mleme wayesa kugwira kanthu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2011 anaonetsa kuti kholingo la mleme lili ndi minofu yothamanga modabwitsa, yotha kukungika ndi kumasuka pa liwiro limeneli, ndipo ndi minofuyi imene imaika malire, osati makutu.

Mileme ina imachita kanthu kena pa mphindi yomalizayi, kamene ine ndimakaona kukhala kochititsa chidwi kuposa liwirolo. Imatsitsa mawu ake pafupifupi ndi theka. Mawu otsika amamwazika m'mbali kwambiri kuposa okwera, kotero kachilombo kakakhota mwadzidzidzi kamakhalabe mkati mwa dera limene mleme ukumva. Kugwira kwenikweni nthawi zambiri sikuchitika ndi kamwa. Mleme umakokolola kachilombo ndi phiko kapena ndi chikopa chimene chili pakati pa miyendo ndi mchira, n'kuweramitsa mutu kukatenga uli mumlengalenga.

Mawu okwera amaona zazing'ono, mawu otsika amafika patali

Zikadakhala kuti pali kuitana kumodzi kopambana konse, mitundu yonse ikadatengera komweko. Kulibe, ndipo chifukwa choyamba chili mu mpweya wenimweniwo.

Mawu amayenda ngati mafunde, ndipo utali wa funde limodzi umapezeka pogawa liwiro la mawu ndi kunjenjemera kwake. Pa makilohetsi 20 funde limatalika mamilimita 17. Pa makilohetsi 100 limatalika mamilimita 3.4 okha. Chinthu chochepa kwambiri kuposa funde sichibweza mawu bwino, funde limangochilambalala. Choncho wofuna kupeza tizilombo ting'onoting'ono ayenera kukweza mawu. Koma mpweya umameza mawu okwera msanga. Pa makilohetsi 100, mpweya umadya pafupifupi theka la mphamvu ya mawu pa mita iliyonse, pomwe pa makilohetsi 20 pamafunika mamita angapo kuti theka lithe. Kutentha ndi chinyezi zimasintha manambalawa, koma osati mfundo yake. Powonjezera apo, mawu amamwazika popita n'kumwazikanso pobwerera, kotero kachilombo kakatalikira kawiri, mawu obwerera amafooka ka 16, tisanawerengere n'komwe zimene mpweya wameza. Ndi chifukwa chake mleme, ngakhale ukuwe chotani, umazindikira kachilombo pa mamita owerengeka chabe.

Tsono taganizirani mileme ya mchira wautulukira kunja, imene imakonda kukhala m'madenga a masukulu, matchalitchi ndi nyumba za malata. Mapiko ake ndi aatali ndi opyapyala, imathamanga kwambiri pamwamba pa mitengo, ndipo siitha kukhota mofulumira. Mleme wotere uyenera kudziwiratu za nyama yake uli patali, apo ayi uipitirira. Kumwambako kulibenso masamba kapena nthambi zobweza mawu osokoneza. Ndiye umaitana motsika, ambiri pakati pa makilohetsi 20 ndi 30, ndi mawu aatali, mamilisekondi 10 mpaka 20, amene sasinthasintha kwambiri. Kuika mphamvu yonse pa mlingo umodzi wa mawu kumathandiza khutu kutola mawu obwerera ofooka kwambiri. Mtengo wake ndi wakuti tizilombo tochepetsetsa sitimveka bwino kwa iwo. M'banja lomweli muli mleme waukulu wotchedwa Otomops martiensseni, wopezeka kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, umene umatsika mpaka makilohetsi pafupifupi 11. Uwu munthu amatha kuumva ndi makutu ake.

Kamleme kamene kamagona m'masamba a nthochi osatambasuka kali mbali ina. Ndi kopepuka, kosaposa magalamu ochepa, kamauluka pang'onopang'ono pakati pa mitengo ndipo kamadya tizilombo ting'onoting'ono. Kamaitana cha pa makilohetsi 70, ndi mawu aafupi amene amayamba pamwamba n'kutsika mofulumira. Sikamva patali, koma sikafunikanso kutero, popeza kakhoza kutembenuka pamalo pochepa. Kukula kwa thupi, kapangidwe ka mapiko ndi mawu zimayendera limodzi: mleme waukulu uli ndi kholingo lalikulu, umauluka mothamanga, ndipo kawirikawiri umaitana motsika.

Vuto la m'nkhalango

Kumene nkhaniyi imavuta kwenikweni ndi m'katikati mwa zomera. Tsamba lililonse ndi nthambi iliyonse zimabweza mawu, ndipo mawu obwerera kuchokera ku chitsamba ndi amphamvu kuposa ochokera ku njenjete imene ikuuluka patsogolo pake. Njenjete ikakhala masentimita 17 kuchokera pa masamba, mawu ake obwerera amatsogola ndi milisekondi imodzi yokha, kenako amamira m'phokoso la masambawo.

Njira imodzi ndi kugwiritsa ntchito mawu aafupi kwambiri amene amasesa mlingo waukulu, kuchokera pamwamba penipeni kufika pansi. Mawu otere amathandiza kusiyanitsa zinthu ziwiri zoyandikana. Mu 2004, Björn Siemers ndi Hans-Ulrich Schnitzler a ku Germany anayesa mitundu isanu ya mileme ya gulu la Myotis poipachikira chakudya pa ulusi, n'kumachisendeza kufupi ndi khoma lokhakhala. Mtundu umene unali ndi mawu osesa mlingo waukulu koposa ndi umene unatha kugwira chakudya pafupi kwambiri ndi khomalo, pa masentimita ochepa chabe, pomwe ina inalephera. Izi zikusonyeza kuti mileme yapachibale yokhala m'dera limodzi ikhoza kugawana malo osakira malinga ndi mawu ake.

Njira yachiwiri ndi kusiya kudalira mawu ako pofuna chakudya. Mileme ya makutu aatali ya gulu la Nycteris, imene ili ndi mng'alu pakati pa nkhope ndipo imagona m'mapanga, m'mphako za mitengo ndi m'mapaipi a pansi pa misewu, imaitana monong'ona, mongokwanira kuti isagunde nthambi. Chakudya imachipeza pomvetsera mtswatswa wa nyama yake: nkhululu poyenda pa masamba ouma, kapena njenjete pokupiza mapiko. Mtundu waukulu wa gululi, umene unafufuzidwa ku Mana Pools m'chigwa cha Zambezi, umagwira ngakhale achule.

Njira yachitatu ndi ya mileme ya gulu la Rhinolophus, yodziwika ndi chikopa chopindikapindika pamphuno. Iyi inachita zosiyana ndi zonse zimene tanena. Imaitanira m'mphuno, ndipo chikopacho chimalunjikitsa mawu kutsogolo. Mawu ake ndi aatali, mamilisekondi makumi angapo, okhazikika pa mlingo umodzi, ndipo imaitana motsatizana kwambiri moti mawu obwerera amafika iyo ikuitanabe. Kwa mileme ina yambiri kumeneku kukadakhala kudzigonthetsa dala.

Chinsinsi chake ndi kusintha kwa mawu kumene Christian Doppler anafotokoza mu 1842. Hutala ya galimoto imene ikubwera imamveka yokwera, ndipo ikangodutsa imamveka yotsika. Mleme wouluka kulunjika ku chitsamba umalandira mawu obwerera okwera pang'ono kuposa amene unatulutsa. Titenge mtundu umene unafufuzidwa kwambiri ku Ulaya, umene makutu ake anachunidwa pa makilohetsi pafupifupi 83. Ukamauluka mamita 5 pa sekondi, mawu obwerera amakwera ndi makilohetsi pafupifupi 2.4. Mu 1968, Schnitzler anaonetsa kuti mlemewu umatsitsa mawu ake ndi mlingo womwewo. Umaitana cha pa 80.6 kuti mawu obwerera afike pa 83. Ukawonjezera liwiro umatsitsanso, ukachepetsa umakweza.

Chifukwa chovutikira chonchi chili m'khutu lamkati. Gawo lalikulu la khutulo, pamodzi ndi gawo lalikulu la ubongo womvera, linaperekedwa ku kamlingo kopapatiza kozungulira makilohetsi 83, ndipo pamenepo mleme umamva kusintha kochepetsetsa. Pansi pang'ono pa mlingowo, pamene pali mawu amene iwo ukutulutsa pouluka, khutu silimva bwino. Choncho mawu otuluka ndi obwerera asiyanitsidwa ndi kukwera kwake, osati ndi nthawi. Ndiyeno masamba onse amabweza liwu limodzi losalala. Koma phiko la njenjete limapita kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pa kukupiza kulikonse pali kanthawi kamene limayang'anizana ndi mleme n'kubweza mawu mwamphamvu, komanso kuwakweza ndi kuwatsitsa pang'ono. Pakati pa liwu losalala la masamba, kachilombo kouluka kamamveka kakuthwanima. Mawuwo ayenera kukhala aatali kuti akwanitse kugwira kukupiza kwathunthu. Poyesedwa, mileme imeneyi inatha kusiyanitsa tizilombo malinga ndi liwiro la mapiko ake. Ili ndi malire ake: kachilombo kakatera n'kuleka kukupiza, kamazimirira. Mtunda nawonso suyezeka bwino ndi liwu losasintha, n'chifukwa chake kumapeto kwa kuitana kulikonse kuli kamchira kotsika mofulumira kogwira ntchito imeneyo. Mleme wina wa ku Central ndi South America, wa banja losiyana kotheratu, unafika pa njira yomweyi pawokha, cha pa makilohetsi 61.

Njenjete nazo zimamva

Malo osakira si okhawo amene amaumba mawu a mleme. Njenjete zambiri zili ndi makutu, ena pachifuwa, ena pamimba, osavuta kapangidwe kake, koma otha kumva bwino pakati pa makilohetsi 20 ndi 60, pomwe mileme yambiri imaitanira. Kenneth Roeder anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 kuti njenjete ikamva mleme patali imatembenuka n'kuthawa, ndipo ikaumva pafupi imazungulirazungulira kapena kupinda mapiko n'kugwa pansi. Njenjete imakhala ndi mwayi, chifukwa imamva mawu amene ayenda ulendo umodzi, pomwe mleme ukudikira mawu oyenda maulendo awiri. Mitundu ina imayankha ndi phokoso lakelake lochenjeza kuti ndi yowawa, ndipo mu 2009 kunatsimikizika kuti mtundu wina wa ku America umasokoneza muyeso wa mleme ndi phokosolo.

Mleme wofuna kudya njenjete ukhoza kupindula poitana kunja kwa mlingo umene njenjete zimamva bwino. Otomops, ndi makilohetsi ake 11, uli pansi pa mlingowo, ndipo chakudya chake chachikulu ndi njenjete. Kumalekezero enawo kuli Cloeotis percivali, kamleme ka m'mapanga kolemera magalamu osaposa 6, kopezeka ku Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Kamaitana cha pa makilohetsi 212, umodzi mwa milingo yokwera kwambiri imene inayezedwapo pa mileme, ndipo nakonso kamadya pafupifupi njenjete zokhazokha. Pa mlingo umenewo mpweya umameza mawu msangamsanga, ndipo kamlemeka kamamva pafupi pokha. Koma njenjete nayo siikamva mpaka katafika.

Pamene njirayi imalephera

Chinthu chosalala kwambiri chimabweza mawu kumbali, osati kwa mleme, pokhapokha mleme utachiyang'ana mwachindunji. M'chilengedwe chinthu chachikulu chosalala chimakhala madzi, ndipo mileme imabadwa ikudziwa zimenezo. Poyesedwa ku Ulaya, mileme inayesa mobwerezabwereza kumwa pa chitsulo chosalala choyalidwa pansi, ngakhale ana amene anali asanaonepo dziwe. Chitsulo chomwecho chitaimikidwa chilili, yambiri inachitenga ngati mpata n'kuchiwomba. Nyumba za makoma a magalasi zili ndi ngozi yomweyo.

Tisaiwalenso kuti si mileme yonse imasaka motere. Mileme ikuluikulu yodya zipatso, monga mamiliyoni amene amasonkhana ku Kasanka ku Zambia pakati pa Okutobala ndi Disembala, imadalira maso ndi fungo. Wachibale wawo wogona m'mapanga, Rousettus, amangothetheretsa lilime kuti apeze njira mumdima.

Popeza mawu amasiyana, ofufuza amawerenga mitundu ya mileme ya pamalo poijambula mawu usiku. Njirayi ili ndi msampha. Mleme umodzi womwewo umasintha mawu malinga ndi pamene uli: poyera umatalikitsa ndi kutsitsa, pafupi ndi mitengo umafupikitsa ndi kukweza, ndipo mitundu iwiri yosaka m'malo ofanana ikhoza kumveka chimodzimodzi. Amene amanong'ona, monga Nycteris, kawirikawiri sajambulika n'komwe, kotero malo akhoza kuoneka ngati alibe mileme yotere pamene ilipo yambiri. Gulu la Rhinolophus ndi losavutirapo, chifukwa mlingo wa liwu lake sumasinthasintha, ndipo nthawi zina mlingowo waulula zimene maso sanaone. Mleme waukulu wotchedwa Rhinolophus hildebrandtii unkatengedwa ngati mtundu umodzi kuyambira kum'mawa mpaka kumwera kwa Africa. Pamalo ena ku Zimbabwe kunapezeka mileme yooneka mofanana, koma ina ikuitana cha pa makilohetsi 37, ina cha pa 46. Atayerekeza mawu, zigaza ndi chibadwa cha mileme ya m'madera osiyanasiyana, Peter Taylor ndi anzake analengeza mu 2012 mitundu inayi yatsopano, ndipo umodzi mwa iyo, Rhinolophus mabuensis, unatchulidwa dzina la phiri la Mabu ku Mozambique, kum'mwera chakum'mawa kwa Mulanje.